Mtengo wa Tikiti ya Ndege: Kugula Msanga Kumapindulitsa Liti?

Anthu awiri angathe kukhala moyandikana m'ndege yochokera ku Lilongwe kupita ku Joni, kudya chakudya chofanana ndi kutsika nthawi imodzi, koma wina atalipira ndalama zowirikiza kawiri kuposa mnzake. Kwa munthu wozolowera basi zimenezi nzachilendo. Pa basi mtengo umalembedwa pa khoma la ofesi, ndipo kawirikawiri umasintha mafuta akakwera mtengo kapena nyengo ya zikondwerero ikafika. Wogula tikiti ya basi kudakali milungu itatu amapeza mpando wotsimikizika, koma ndalama amalipira zofanana ndi wogula dzulo lake la ulendo. Za ndege zimayenda mwa njira ina, ndipo nkhani ya lero ikulongosola njirayo.

Mpando wa m'ndege uli ngati ndiwo zamasamba pa msika: tsiku lake likapita, wawonongeka. Ndege ikanyamuka mpando wina ulibe munthu, ndalama za mpandowo zatayika, pomwe mafuta ndi malipiro a oyendetsa sizichepa. Chotero eni ndege amafuna kudzaza mipando yonse. Koma amadziwanso kuti apaulendo alipo a mitundu iwiri. Alipo okaona abale, amene amakonzekera kudakali nthawi ndipo mtengo ukakwera amangokhala. Aliponso a ntchito, a malonda ndi othamangira matenda kapena maliro, amene amadziwa za ulendo kutatsala masiku awiri ndipo amalipira mtengo uliwonse. Kugulitsa mipando yonse motchipa kwa oyambawo nkutaya ndalama za achiwiriwa.

Nzeru yolekanitsira magulu awiriwa inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pamene kampani ya ku Britain ya BOAC inatsitsira mtengo anthu ogula tikiti kudakali masiku 21. M'chaka cha 1972 wantchito wa kampaniyo, Ken Littlewood, analemba lamulo la masamu limene likugwirabe ntchito mpaka lero. Tanthauzo lake ndi losavuta. Ngati tikiti yotchipa ili madola 300 ndipo yodula ili madola 600, mpando ugulitsidwe motchipa pokhapokha ngati mwayi woti kudzabwera wogula modula sukupitirira theka. Mwayiwo ukapitirira theka, mpandowo usungidwe, ngakhale pa khomo pali munthu atagwira madola 300 m'manja. Dziko la Amereka litamasula mitengo ya ndege m'chaka cha 1978, kampani ya American Airlines inakulitsa nzeruyi pogwiritsa ntchito makompyuta, ndipo makampani ena anatsatira.

Masiku ano mipando ya m'chigawo chimodzi cha ndege imagawidwa m'magulu a mitengo, gulu lililonse ndi chilembo chake. Chilembo cha Y nthawi zambiri chimaimira mtengo wathunthu wa chigawo cha anthu wamba, ndipo pansi pake pamakhala zilembo zina zotsikirapo mtengo. Gulu lotchipitsitsa limapatsidwa mipando yowerengeka. Ikatha, wofunsa mtengo amauzidwa wa gulu lotsatira. N'chifukwa chake mtengo umakwera modumpha ngati makwerero, ndipo ungasinthe pakati pa m'mawa ndi madzulo. Chimene chimaukweza kwenikweni ndi kudzaza kwa ndege. Masiku otsala amangothandizira, chifukwa matikiti ambiri otchipa ali ndi lamulo loti agulidwe kudakali masiku 21, 14 kapena 7, ndipo tsikulo likadutsa satsegulidwanso ngakhale mipando ilipo.

Apa mpamene pali yankho la funso lija. Kugula msanga kumapulumutsa ndalama pa ulendo umene ndege idzadzaza mosapeneka. Amalawi ogwira ntchito ku Joni amabwera kumudzi m'masiku a Khirisimasi ndi kubwerera kumayambiriro kwa Januwale. Eni ndege amadziwa zimenezi kuchokera m'kaundula wa zaka zapitazo, choncho amaika mipando yotchipa yochepa pa masiku amenewo, ndipo imatha kudakali miyezi. Wodikira mpaka Disembala poyembekeza kuti mtengo utsika amangodzinamiza. Komwe ndege ikulowera nakonso nkofunika: mlungu wa Khirisimasi usanafike, yodzaza ndi ndege yobwera kuno, pomwe yopita ku Joni ingakhale ndi malo ambiri.

M'miyezi yopanda chikondwerero zinthu zimasiyana. Makampani ambiri amatsegula malonda a ulendo kudakali pafupifupi miyezi 11, koma pa nthawiyo sakhala ndi chowakakamiza kutsitsa mtengo. Akaona kuti ndege ikudzaza pang'onopang'ono kusiyana ndi m'mene amayembekezera, amatsegulanso magulu otchipa. Wogula kudakali miyezi khumi pa ulendo wotere angathe kulipira mofanana, kapena kuposa, amene wagula kudakali miyezi iwiri. Chizindikiro chake chimapezeka pofunsa mtengo wa masiku oyandikana. Ngati Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi onse ali pa mtengo umodzi wotsika, mipando yotchipa ikadalipo yambiri. Ngati tsiku lofunikalo lakwera kale kuposa oyandikana nalo, gulu lotchipa latha, ndipo mtengo wotsatira udzakhala wokwererapo.

Palinso msampha umene ambiri sauwerengera. Tikiti yotchipa imakhala ndi malamulo ouma: ndalama sizibwezedwa, ndipo kusintha tsiku kuli ndi chindapusa. Mwa chitsanzo chongoyerekeza, mayi wina afuna kukaona mwana wake amene akuyembekezera ku Joni. Agula tikiti ya madola 400 kudakali miyezi inayi, pomwe akadadikira mpaka tsiku litadziwika bwino akadalipira 520. Wapulumutsa madola 120. Koma mwana uja achira msanga, ndipo mayiyo ayenera kunyamuka mlungu womwewo. Chindapusa chosinthira ndi madola 100, ndipo poti gulu lake lija linatha, ayenera kulipiranso kusiyana kwa mtengo wake ndi wa gulu limene latsala, lomwe lili pa 600. Zonse pamodzi zakwana madola 700. Ndalama ya kusiyana kwa magulu ndi imene imapweteka kuposa chindapusa, koma ndi imenenso apaulendo saifunsa pogula. Wokayikira tsiku la ulendo amachita bwino kufunsa mtengo wa tikiti yosinthika, nauyerekeza ndi wa yotchipa ataonjezapo chindapusa.

Kwa wolipira m'makwacha palinso china. Mitengo ya maulendo a kunja imawerengedwa m'madola, ndipo imasandutsidwa makwacha pa tsiku logula. M'mwezi wa Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Tikiti ya madola 400 inachoka pa K472,000 kufika pa K680,000 usiku umodzi, kampani ya ndege isanasinthe kanthu. Amene anali atalipira kale tikiti ya Khirisimasi sanakhudzidwe. Amene anangolembetsa dzina osalipira anakhudzidwa, pakuti kulembetsa kumasunga mpando kwa maola kapena masiku ochepa chabe, ndipo mtengo umatsimikizika pokhapokha ndalama zitalipidwa, tikiti nkutuluka ndi nambala yake.