Chibayo cha Ana: Kuwerenga Kapumidwe ndi Kusankha Mankhwala

Chibayo ndi matenda a m'mapapo, pamene timatumba ting'onoting'ono tolandirira mpweya timadzaza madzi kapena mafinya, kotero kuti mwana amapuma mofulumira pofuna kukwaniritsa mpweya umene ukumuperewera. N'chifukwa chake mlangizi wa zaumoyo sadalira kukula kwa chifuwa chimene mwana akutsokomola, koma amavula mwanayo malaya, n'kuwerenga mmene pamimba pakukwerera kwa mphindi imodzi yathunthu, mwanayo ali phee, pakuti wolira kapena woyamwa amasokoneza chiwerengero. Khanda losakwana miyezi 2 likupuma mofulumira likafika ka 60, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akafika ka 50, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akafika ka 40.

Msinkhu ndiwo umapereka tanthauzo ku nambalayo. Mwana wa miyezi 8 amene akutsokomola n'kupuma ka 44 ali ndi chimfine chabe ngati palibe chizindikiro china choopsa, pamene mkulu wake wa zaka ziwiri, akapuma ka 44 komweko, amatengedwa kuti ali ndi chibayo ndipo ayenera kuyamba mankhwala tsiku lomwelo.

Tizilombo toyambitsa chibayo kawirikawiri tili m'magulu awiri. Mabakiteriya, monga nyumokokasi amene katemera wake anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2011, ali ndi chikhungwa chowakuta, ndipo amokisilini amawapha powononga chikhungwacho. Mavairasi alibe chikhungwa chotere, amaswana m'kati mwa maselo a mwanayo, choncho amokisilini sawakhudza. Thupi limawagonjetsa lokha mothandizidwa ndi kuyamwa pafupipafupi, zakumwa, kutsuka mphuno zotsekeka, ndiponso mpweya wa okosijeni kuchipatala matenda akakula. Vuto ndi lakuti maso sangasiyanitse magulu awiriwa, ndipo nthawi zina mabakiteriya amalowa pamene vairasi yafooketsa kale mapapo. Popeza chibayo cha mabakiteriya chimatha kupha m'masiku ochepa, mwana wopuma mofulumira amapatsidwa amokisilini wosungunula m'madzi oyera kapena mkaka wa m'mawere, kawiri pa tsiku kwa masiku asanu, ndipo amamaliza onse ngakhale ayambe kusewera tsiku lachiwiri. Wachimfine sapatsidwa, ndipo chizolowezi chogula makapusozi kugolosale n'chofunika kuchisiya, chifukwa chimaphunzitsa mabakiteriya kupirira mankhwala popanda kuchiza chimfinecho.

Pali malire a zimene chipatala cha m'mudzi chingathe. Ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati pamene mwana akukoka mpweya, ngati akukana bere, akusanza chilichonse, akukomoka kapena wangolefuka osadzutsika, ulendo wakuchipatala chachikulu usadikire kuti kuche. Chimodzimodzinso khanda losakwana miyezi 2. Amene wapatsidwa mankhwala okamwera kunyumba amabwereranso kwa mlangizi pa tsiku lachitatu kuti kapumidwe kake kawerengedwenso.