Mau Otsazikana a Mphunzitsi wa m'Chigwa cha Luangwa

Nkhani ya lero ichokera ku boma la Mambwe, dziko la Akunda, kumene kuli mafumu Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Sukulu si chinthu chachilendo m'dera limeneli, pakuti wansembe Leonard Kamungu anayamba mishoni ya Msoro m'chaka cha 1910. Pa sukulu ina ya m'chigwamo mphunzitsi wamkulu anafika pa msinkhu wopuma nchito, ndipo tsiku lotsazika anasonkhanitsa aphunzitsi achinyamata pansi pa mtengo wa mango. Sanataye nthawi ndi kudzitama. Uphungu wake wonse unali umodzi: munthu wa m'chigwa amaoloka mtsinje usanadzale.

Poyamba ananena za kagawidwe ka maphunziro. Anati, "Ana anga, buku la maphunziro lidziwa masabata, koma silidziwa mtsinje wa Lupande. Chigawo choyamba cha sukulu chiyamba m'Januwale, pamene mvula iri pakati. Tsono tsiku loyamba tsegulani kaundula, mulembe mudzi wa mwana aliyense pambali pa dzina lake. Tiyerekeze kuti muli ndi ana 60, ndipo 20 a iwo akhala tsidya lija la mtsinje. M'Febuluwale madzi akasefukira, ana amenewo adzajomba masiku ambiri, ndipo si ulesi ai. Mukaphunzitsa masamu ogawa m'masiku amenewo, mwana mmodzi pa atatu alionse adzakhala wopunduka m'masamu chaka chonse. Chifukwa chake masabata a madzi akhale obwereza zakale ndi owerenga. Mitu yatsopano ndi yobvuta muisungire chigawo chachiwiri, choyamba m'Meyi, pamene njira zauma ndipo kunja kwazizira."

Anawachenjezanso za Okutobala, mwezi umene dzuwa la m'chigwa liotcha ngati ng'anjo. Masamu ndi kuwerenga zikhale m'mamawa, pakuti masana mwana womva ludzu sagwira kanthu m'mutu. Ndipo mango akapsa njobvu zimalowa m'midzi. Mwana wochedwa masiku amenewo ayenera kufunsidwa asanadzudzulidwe, popeza mwina anadikira njobvu kuti zichoke panjira. Anati mphunzitsi azindikira kuti chochedwetsa ndi njira, osati ulesi, poona kaundula: ngati ana a mudzi umodzi achedwa onse tsiku limodzi, mlandu suli pa anawo.

Atatha izi anatulutsa chikwama chachikale, nachiika patebulo. M'menemo munali mapepala a nchito yake yonse, okulungidwa m'pulasitiki kuopa chiswe ndi chinyezi. Anati, "Aphunzitsi anzanga, tsiku lopuma simudzafunsidwa kuti munaphunzitsa ana angati. Mudzafunsidwa mapepala." Ndipo anawatchula limodzi limodzi: kalata yolembedwa nchito, kalata yosonyeza tsiku limene munthu anafika pa sukulu yake yoyamba, kalata yotsimikiza kuti nyengo yoyesedwa inatha ndipo wakhazikika, makalata a kusamutsidwa ndi a kukwezedwa, ndi mapepala a malipiro a mwezi ndi mwezi. Anatchulanso chiphaso chophunzitsira chochokera ku Khonsolo ya Aphunzitsi, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013. Chiphaso chimenechi chimatha, ndipo chifunika kuchikonzanso nthawi yake isanapyole. Anawauza kuti kalata iriyonse yopita ku ofesi ya maphunziro ya boma ikhale ndi inzake yotsala kunyumba, yodindidwa tsiku limene analandira.

Pa nkhani ya penshoni anakhalitsa, chifukwa achinyamata aiyesa nkhani ya nkhalamba. Iye mwini analowa nchito kale, nakhala m'thumba lakale la penshoni la anchito a boma. Koma olowa nchito kuyambira m'Febuluwale 2000 anaikidwa m'bungwe la NAPSA. Kumeneko, pa K100 iriyonse ya malipiro, wanchito apereka K5 ndipo womlemba nchito aonjeza K5. Kuti munthu adzalandire penshoni ya mwezi ndi mwezi, ayenera kukwanitsa miyezi 180 ya zopereka, ndizo zaka 15. Lamulo la 2015 linaika misinkhu itatu yopumira: zaka 55, zaka 60 ndi zaka 65.

Pamenepo anatembenukira kwa mphunzitsi wina wamkazi, mmodzi wa aja oposa 30,000 amene boma linawalemba nchito mu 2022, nati, "Amai, tiwerengere pamodzi. Munalowa muli ndi zaka 28. Ngati mwezi uliwonse ulembedwa, miyezi yanu 180 idzakwana mu 2037, ndipo zaka 60 mudzazifika mu 2054. Koma pepala la malipiro lingosonyeza kuti ndalama inadulidwa. Silinena kuti inalembedwa pa dzina lanu. Tsono kamodzi pachaka pemphani ndandanda ya zopereka zanu, muilinganize ndi mapepala anu 12. Mukapeza miyezi 10 yokha, iwiri yasokera, ndipo kuifuna chaka chomwecho nkwapafupi. Kuifuna mu 2054, amene anailemba atachoka kale, ndiko kuola madzi otayika."

Anaonjeza kuti chimene chimasokoneza kawirikawiri ndicho dzina ndi tsiku lobadwa. Dzina likalembedwa mwina pa chitupa, mwina pa setifiketi, mwinanso pa kalata ya nchito, a ku ofesi aona anthu atatu m'malo mwa mmodzi. Chaka chobadwa chikasiyana, munthu angapumitsidwe msanga, kapena kugwira nchito kupyola tsiku lake, nayamba milandu ya malipiro. Mkazi wosintha dzina pokwatiwa asunge kalata yaukwati m'chikwama chomwecho.

Chotsiriza chinali ngongole. Mphunzitsi akangoyamba kulandira, obwereketsa ndalama amadziwa dzina lake msanga koposa ana a m'kalasi mwake, popeza adzadula zao pa malipiro munthu asanazione. Nkhalambayo inati, "Musafunse kuti adzadula zingati pamwezi, funsani kuti zonse pamodzi zidzakhala zingati. Tiyerekeze kuti mwabwereka K10,000, ndipo adula K500 kwa miyezi 36. K500 imveka yaing'ono, koma chulukitsani: mwabweza K18,000." Anawakumbutsanso kuti ndalama yoonjezera imene alandira chifukwa chokhala kumidzi yakutali si ya munthu, koma ya malo. Tsiku losamukira ku Chipata ndalamayo itsala m'chigwa, koma ngongole ikwera nao basi. Kotero wanzeru ayesa ngongole pa malipiro enieni okha, ndipo akongola pa chinthu chokhalitsa, monga maphunziro okweza setifiketi yake kapena malata a nyumba imene adzapumiremo, pakuti nyumba ya sukulu amaisiya pamodzi ndi choko.

Potseka anapereka makiyi a kabati kwa wachiwiri wake, napempha aphunzitsi onse kuti sabata lomwelo aliyense agule chikwama chake, alembenso midzi ya ana m'kaundula mvula isanagwe. Mau a akulu akoma akagonera, koma iye anati, "Anga musawagoneke, ana anga. Yambani mawa."