Katchulidwe ka Lamulo m'Chimangirizo

Lero tikamba za m'mene wolemba chimangirizo angalozere woŵerenga pa mawu enieni a lamulo.

Lamulo limalembedwa monga mudzi wokhala ndi mabanja, ndipo banja lililonse lili ndi nyumba zake. Choyamba ndi dzina la lamulo. Kenaka pamabwera gawo, lodziŵika ndi nambala yopanda mabulaketi. Kachigawo, kodziŵika ndi nambala ya m'mabulaketi. Ndiponso ndime, yodziŵika ndi chilembo chaching'ono cha m'mabulaketi. Potchula, timayambira ku chachikulu kutsikira ku chaching'ono, osadumpha chilichonse.

Titenge chitsanzo m'Malamulo Oyendetsera Dziko la Malaŵi a chaka cha 1994. Wophunzira akufuna kunena kuti munthu womangidwa ayenera kuonekera ku khoti pasanathe maola 48. Mawu ameneŵa ali m'gawo 42, kachigawo 2, ndime b. Popeza chimangirizo chake n'chachingerezi, adzalemba motere:

Constitution of the Republic of Malawi, s. 42(2)(b)

Chilembo s chikuimira gawo, ndipo pakati pa 42, (2) ndi (b) sipakhala mpata.

Tsono cholakwa chimene aphunzitsi amachiona kaŵirikaŵiri ndi kusiya kachigawo, n'kulemba 42(b) chabe. Kodi woŵerenga apita kuti? M'gawo limeneli, kachigawo koyamba kali ndi ndime b, kachiŵiri nakonso kali ndi ndime b yake. Ya m'kachigawo koyamba ikunena za kusunga womangidwa molemekeza umunthu wake. Za maola 48 mulibemo. Wophunzira wotere wapereka dzina la mwana osatchula banja, m'mudzi m'mene muli ana aŵiri a dzina limodzi. Njira yodziyesera njapafupi: tsegulani lamulolo, tsatani manambala anu ndi chala, ndipo muone ngati mwafika pa mawu amene mukutsamirapo.

Nthaŵi zina ndime nayo imagaŵidwanso ndi manambala achiroma. Ufulu woyesedwa wosalakwa pozengedwa mlandu uli pa s. 42(2)(f)(iii).

Malamulo ena opangidwa ndi Nyumba ya Malamulo amafunanso nambala ya mutu wake m'mabuku a malamulo a dziko lino. Mlandu wa kupha munthu mwadala timautchula kuti Penal Code, Cap. 7:01, s. 209.

Chotsiriza ndi chaka, pakuti malamulo amasintha. Kale gawo 22(7) la Malamulo Oyendetsera Dziko linkalola achinyamata a zaka za pakati pa 15 ndi 18 kuloŵa m'banja makolo akavomereza, koma mu 2017 Nyumba ya Malamulo idachotsa chilolezo chimenechi. Wolemba za kachigawo kameneka lero ayenera kunena poyera kuti akutchula lamulo monga m'mene lidalili chisanafike chaka cha 2017.