Galimoto Yakugundani ku South Africa, Dalaivala Alibe Inshulansi: Chipukuta Misozi Chichokera Kuti?

Ambiri mwa inu mukagundidwa ndi galimoto, dalaivala n'kunena kuti alibe inshulansi, mumangoti zatha. Ku South Africa nkhani siithera pamenepo. Wolipira munthu wovulala pamsewu si dalaivala ayi, koma thumba la boma lotchedwa Road Accident Fund, mwachidule RAF. Ndalama zake zimachokera pa msonkho wa petulo ndi dizilo, choncho inshulansi ya dalaivala ilibe nazo ntchito. Chofunika n'chakuti ngoziyo idachitika chifukwa cha kulakwa kwake, ngakhale pang'ono.

Thumbali limalipira za thupi zokha: ndalama za kuchipatala, malipiro amene mwataya, za maliro, ndi chithandizo cha ana amasiye. Za ululu limalipira pokhapokha dokotala atatsimikiza pa fomu ya RAF 4 kuti kuvulalako n'kwakukulu. Njinga kapena foni yowonongeka sililipira. Zimenezo mukafune kwa dalaivala mwini wake ku khothi la milandu ing'onoing'ono.

Tiyerekeze mayi wogwira ntchito ya m'nyumba, wolandira R4,000 pamwezi, wagundidwa pa 10 Malichi 2025, nathyoka mwendo, nakhala miyezi inayi osagwira ntchito. Wataya R16,000. Zikapezeka kuti naye adawoloka mosasamala, ndipo gawo lake la kulakwa ndi 20 pa 100, adzalandira R12,800.

Tsono mdani wake wamkulu ndi nthawi. Ngati dalaivala kapena mwini galimoto akudziwika, mayiyu ali ndi zaka zitatu zoti apereke fomu ya RAF 1, kufikira Malichi 2028. Ngati galimoto idathawa osadziwika, zaka ndi ziwiri zokha. N'chifukwa chake nambala ya galimoto ndi chuma: ilembeni, kapena pemphani mboni ikulembereni, mutengenso nambala ya foni ya mboniyo.

Kenako sonkhanitsani mapepala. Kupolisi tengani nambala ya lipoti la ngozi. Kuchipatala lembetsani dzina lenileni la pa pasipoti yanu, pakuti dzina lobwereka lidzakukanani tsiku lolipidwa. Ngati mumalandira malipiro pamanja, pemphani abwana kalata yonena ndalama zake ndi miyezi imene mudajomba. Malisiti a ndalama zotumiza kumudzi nawonso musataye.

Nanga wopanda zikalata zokhalira m'dzikomo? Mu 2024 Khothi Lalikulu ku Pretoria lidagamula kuti lamulo likamati munthu aliyense, limaphatikiza iyenso. Komabe musapite nokha, pezani loya. Amene amalipidwa mukapambana saloledwa kutenga zoposa 25 pa 100 za ndalama zanu, ndipo panganolo liyenera kulembedwa. Wina akakutsatani kuchipatala ndi pepala loti musayine msanga, muuzeni adikire kufikira munthu amene mumamukhulupirira akuwerengereni.