Chilankhulo chilichonse chinyamule katundu wake

  Ndakatulo zingapo zomwe ana asukulu atilakatulira lero kuno ku Madzimoyo zasakaniza Chinyanja ndi Chingelezi, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa akuluakulu zimenezi siziwakomera. Maganizo anga ndi akuti kusakanizako si mlandu. Mlandu umakhalapo pamene chilankhulo chimodzi chalowa mu ndakatulo chopanda ntchito yakeyake, chongobwera kudzakongoletsa kapena kudzabwereza zomwe chinzake chanena kale.

Zimenezi si zachilendo kwathu kuno. Angoni a Mpezeni, omwe makolo awo adawoloka Zambezi m'chaka cha 1835, adakwatira akazi Achinsenga ndi Achichewa, ana n'kukulira m'chilankhulo cha amayi awo. Chingoni chidatha pakamwa pa anthu m'midzi, koma sichidathe m'nyimbo za ngoma ndi m'mawu otamanda mfumu. Pitani ku Mtenguleni mwezi wa Febuluwale pa mwambo wa Nc'wala mukamve: anthu akucheza ndi kugulitsana malonda m'chilankhulo chamasiku onse, koma impi ikaponda pansi, Chingoni chimatulukira. Palibe amene amaimitsa gule kuti amasulire, chifukwa Chingonicho chili ndi ntchito yomwe china sichingagwire, yotiuza kuti pano pakulankhula makolo. Ndipo popeza tili pa malo a mishoni, abusa andichitira umboni kuti buku la Danieli lidalembedwa m'zilankhulo ziwiri. Limayamba m'Chihebri, kenako pa mutu 2 ndime 4, pomwe alauli ayamba kuyankha mfumu Nebukadinezara, limalowa m'Chiaramu mpaka kumapeto kwa mutu 7. Wolembayo adasintha chilankhulo pamene panasintha wolankhula.

Tsono tiyeni tiumbe ndakatulo imodzi pamodzi, kuti zioneke bwino. Tiyerekeze kuti tikulemba za mayi wamasiye amene abale a mwamuna wake abwera kudzatenga katundu maliro atangotha. Mayiyo ayambe m'Chinyanja: "Anandisiyira makasu awiri, ndi ng'ombe yosadziwa goli." Wolemba wosazolowera amafulumira kuika pansi pake mzere wa Chingelezi wonena za makasu omwewo ndi ng'ombe yomweyo. Kumeneko n'kumasulira, ndipo womvera amene amadziwa zilankhulo zonse ziwiri, monga ambiri a inu, amatopa chifukwa wauzidwa kawiri nkhani imodzi. Wina amamwaza timawu ta Chingelezi tonena za chisoni ndi misozi apa ndi apo, kuti anthu adziwe kuti adapita kusukulu. Kumeneko n'kukongoletsa. Njira yachitatu ndi kufunsa kuti m'moyo wa mayiyu Chingelezi chimatulukira pati. Chimatulukira m'lamulo. Lamulo la dziko lino la 1989 la chuma cha munthu womwalira wosasiya wilo lidalembedwa m'Chingelezi, ndipo limati pa magawo 100 alionse, ana atenge 50, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a malemu 20, ndipo ena omwe ankadalira malemuyo 10. Choncho mizere ya Chingelezi ikhale ya lamulolo, youma, yamanambala, yosatchula dzina la munthu. Mayi akuwerenga makasu, lamulo likuwerenga magawo, ndipo womvera yekha ndiye akuona mtunda umene uli pakati pawo.

Koma apa pali msampha womwe ndikufuna muudziwe. Mukangozolowera kupatsa Chingelezi udindo wa boma ndi ndalama, Chinyanja n'kuchisiyira misozi ndi agogo, mudzakhala mukulemba ndakatulo imodzi yomweyo moyo wanu wonse, komanso mudzanena bodza, chifukwa Chinyanja nachonso chimalamula ndi kulanda. M'ndakatulo yathuyi, mlamu wake wa mayiyo alankhule Chinyanja chokoma, chaulemu, chodzaza ndi "amayi" ndi "pepani", uku akumasula ng'ombe. Ndiye mwana wamkazi wa giredi 11 aimirire, amuyankhe ndi mawu a lamulo aja, omwe poyamba ankamveka ozizira. Chingelezi chomwecho tsopano chasanduka chishango. Zilankhulo zasinthana malo, ndipo ndakatulo yayenda mtunda womwe sikadayenda ndi chilankhulo chimodzi.

Njira yoyesera ndi yapafupi. Tengani pensulo mufufute mizere yonse ya Chingelezi, muwerenge zotsalazo. Ngati ndakatulo sinataye kanthu, Chingelezicho chinali chokongoletsa kapena chobwereza, chichotseni basi. Kenako bwezerani Chingelezicho mufufute Chinyanja. Ndakatulo yosakanizidwa bwino imagwa pa mayeso onse awiri. Dziwaninso kuti mawu monga sukulu, khoti ndi loya adalowa kale m'Chinyanja ndipo amamvera malamulo ake, moti kuwagwiritsa ntchito si kusakaniza.

Palinso nkhani ya khutu, poti ndakatulo zathu zambiri zimamveka pabwalo ndi pawailesi zisanaonekere papepala. Mawu a Chinyanja amathera pa a, e, i, o kapena u, ndipo pothera chiganizo timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Nenani mzere uja wa ng'ombe mokweza, mumva kuti lilime likuchedwa pa "go" wa goli. Mawu ambiri a Chingelezi amathera mwadzidzidzi, pakamwa patatseka. Choncho malo abwino osinthira ndi pambuyo pa kukoka kuja, wolakatula akapuma. Mukasintha pakati pa mpweya, mzere umapunthwa, ndipo mudzadziwa chifukwa wowerenga aliyense adzakhumudwa pamalo omwewo. Kupunthwako mungakufune dala, mwachitsanzo pamene mlembi wa khoti akudula mayi uja pakamwa, koma kukhale kofuna inu.

Ena adzati tikuwononga chilankhulo. Nkhawa yawo ndi yomveka, chifukwa alipo ana amene amathawira ku Chingelezi poti liwu la Chinyanja sakulidziwa. Koma kusakaniza komwe ndikunena kumafuna Chinyanja chochuluka, osati chochepa. Ndani angalembe mawu a mlamu uja, aulemu kunja koma olanda mkati, ngati sadamvetsere momwe akuluakulu amayendetsera milandu pabwalo? Ena adzafunsa za agogo amene samva Chingelezi. Funso limeneli ndi lolemera kuposa loyambalo, ndipo silikutha lonse. Yankho lomwe lilipo ndi lakuti mzere wa Chinyanja wotsatira uyankhe Chingelezicho, osachimasulira. Mayi uja akati, "Ana asanu agawana bwanji ng'ombe imodzi?" agogo adziwa kuti lamulo lija likunena za kugawa, ngakhale sanamve liwu ndi limodzi lomwe. Manambala ena adzawaphonya ndithu, monga momwe mayi wa m'ndakatuloyo akuwaphonyera, ndipo wolemba ayenera kusankha mozindikira ngati mtengo umenewo n'ngoyenera kulipira.

Aphunzitsi, ndikudziwa kuti pepala la mayeso a Chinyanja limafuna Chinyanja, la Chingelezi limafuna Chingelezi, ndipo anawa muwaphunzitse kutsata zimenezo. Koma pa tsiku ngati la lero, mwana akabwera ndi ndakatulo ya zilankhulo ziwiri, musathamangire kumulemba ndi inki yofiira. Muuzeni aloze mzere uliwonse umene wasinthira, anene kuti akulankhula ndani ndipo chifukwa chiyani sakadalankhula m'chilankhulo chinacho. Akayankha, msiyeni. Akalephera, abwerere akalembenso. Inu ana, chitani mayeso a pensulo aja pa ndakatulo zomwe mwawerenga lero sabata ino isanathe.