Kugulitsa Zambiri Sindiko Kupindula

Nkhani ya sabata ino iri ya amuna ndi akazi amene asiya nchito ya m'migodi kapena ya m'tauni, nabwerera kwao kukayamba malonda ndi ndarama zao za penshoni. Ambiri a iwo amalipira wailesi kapena Facebook kuti malonda ao amveke kutali, ndipo kutero sikulakwa. Koma pali ciwerengero cimodzi cimene cimakondweretsa wamalonda pamene thumba lace lirinkupepuka, ndipo ndi bwino kuti omvera acidziwe.

Otsatsa malonda pa lamya amaona pa galasi lace mau akuti ROAS. Tanthauzo lace ndi ili: ndarama zonse zimene ogula analipira zigawidwa ndi ndarama zimene zinapita ku kutsatsa. Munthu akalipira K1,000 nagulitsa katundu wa K5,000, ciwerengero cace ndi 5, ndiko kuti kwacha iriyonse yaitana makwacha asanu. Ciwerengeroco sicinama, koma cimangowerenga ndarama zolowa. Za ndarama zimene zinaturuka kuti katunduyo afike m'manja mwa wogula sicinenapo kanthu.

Naci citsanzo congoyerekeza, ndipo mitengo yace ndi yoyerekezanso. Ku Katondwe, m'boma la Luangwa limene kale linali kuchedwa Feira, kuli mwamuna amene anagwira nchito zaka zambiri ku migodi ya ku Kitwe. Tsopano amagula nsomba zouma kwa asodzi a m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, nazikweza pa galimoto kufika pa mlatho wa Luangwa, ndipo kucokera pomwepo atsata mseu waukuru wa kum'mawa kunka ku Lusaka. Mwezi wina analipira K1,000 kutsatsa nsomba zace, ndipo anagulitsa milu 50, mulu uliwonse pa K100. M'thumba munalowa K5,000. Iye anabwerera kumudzi wokondwa, nauza mkazi wace kuti, “Amai, ndabzala cimodzi, ndakolola zisanu.”

Mkaziyo anatenga kabuku ndi pensulo nati, “Bambo, tandiuzani mtengo wa mulu umodzi kuyambira kumtsinje.” Pamenepo anayamba kuwerenga. Msodzi analandira K65. Galimoto linadya K10. Thumba, msonkho wa khonsolo ndi malo a pamsika zinadya K5. Nsomba zina zinaphwanyika pa njira ndipo zina zinafumbwa, ndipo atagawa kutayikako pa milu yonse kunakwana K5 pa mulu. Zonse pamodzi zinali K85. Cotero pa K100 imene wogula analipira, yotsala m'manja mwa mwini malonda inali K15 yokha.

Tsono K15 imeneyi ndiyo yokha ingathe kulipira kutsatsa, pakuti K85 ija iri ndi eni ace kale. Milu 50 ya K15 ikwana K750, koma kutsatsa kunadya K1,000. Mwamunayo anataya K250 pa mwezi womwewo umene lamya inamuonetsa 5, osawerengako nsima imene anadya pa ulendo ndi masiku amene anasiya munda. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira yodziwira zimenezi ndarama zisanaturuke siiri yobvuta. Wamalonda ayambe wapeza ndarama yotsala pa cinthu cimodzi atacotsa zonse zimene cadya. Atatero agawe mtengo wa kutsatsa ndi yotsalayo. Kwa mwamuna wa ku Katondwe, K1,000 kugawa ndi K15 kupereka milu 67. Mulu wa 67 ndiwo ubweza ndarama ya kutsatsa, ndipo phindu liyambira pamenepo. Kunena mwa ciwerengero ca pa lamya cija, iye anafunika kufika pafupifupi pa 7 kuti angobweza zace. Ciwerengero ca 5, cimene cikadalemeretsa munthu wina, kwa iye cinali ngongole.

Munthu winayo ndi mlongo wace wa m'mudzi womwewo, amene amagulitsa mphasa. Bango liri pafupi, oluka ndi a pabanja pace, ndipo mphasa siiola pa njira. Pa mphasa ya K100, zolipira zonse zikwana K50, ndipo K50 itsala. Iye analipira K300 kutsatsa nagulitsa mphasa 9, ndizo K900. Ciwerengero cace cinali 3 cabe, cocepa kuposa ca mlongo wace. Koma mphasa 9 za K50 zikwana K450, ndipo atacotsa K300 anatsala ndi K150 ya phindu. Wa 3 anapindula, wa 5 anataya. Cifukwa cace ciwerengero cimeneci paceka siciuza munthu ngati malonda ali bwino kapena ai, kufikira ataciika pambali pa ndarama yotsala pa cinthu cimodzi.

Pali msampha wina umene umabisala m'ciwerengero comweco. Pa milu 50 ija, 20 inagulidwa ndi amai a pamsika amene amagula kwa iye mwezi ndi mwezi, amene akadabwera ngakhale popanda kutsatsa. Milu imene kutsatsa kunabweretsadi inali 30, ndiyo K450. Potero kutsatsa kunamdyera K550, osati K250. Wamalonda angadziwe zimenezi pofunsa wogula aliyense kumene anamvera za katunduyo, ndi kulemba yankho m'kabuku. Angathenso kuleka kutsatsa mwezi umodzi naona milu imene igulidwa yokha. Kusiyana kwa miyezi iwiriyo ndiko nchito yeniyeni ya kutsatsa, malinga miyeziyo ikhale yofanana, pakuti mwezi wa malipiro ndi mwezi wa njala sigula mofanana.

Ena akaona kuti ataya amaganiza zotsitsa mtengo kuti ogula acuruke. Mwamunayo akadatsitsa mulu kufika pa K90, wogula akadaona kuti kwacepa pang'ono pokha, koma yotsala ikadagwa kucokera pa K15 kufika pa K5. Kuti abweze K1,000 akadafunika kugulitsa milu 200 m'malo mwa 67. Ogula akadacuruka, ciwerengero ca pa lamya cikadakwera, ndipo iye akadasenza matumba ambiri kugwirira nchito msodzi ndi mwini galimoto.

Sikuti kutsatsa kosabweza ndarama mwezi woyamba kuli koipa nthawi zonse. Ngati mwa ogula atsopano aja ena abweranso miyezi yotsatira popanda kuitanidwa, ndarama yotayika ibwerera pang'onopang'ono. Koma cimeneci ciyenera kuoneka m'kabuku, dzina ndi tsiku, cisakhale ciyembekezo ca mumtima. Ndiponso wa nsomba akumbukire kuti caka ndi caka boma limatseka usodzi m'madzi ambiri a m'Zambia kuyambira Disembala kufikira kumapeto a Febuluwale. Wogula wopezedwa m'Novembala angaiwale dzina la wogulitsa nsomba zisanayambenso kubwera.

Mwamuna wa m'citsanzo cija sanaleke malonda. Anagwirizana ndi anzace awiri kulipira galimoto limodzi, nasamala kamangidwe ka matumba kuti nsomba zisaphwanyike, ndipo yotsala pa mulu inakwera kufika pa K25. Ndi K25, milu 40 ikwanira kubweza K1,000, ndipo milu 50 isiya K250 m'thumba. Ciwerengero ca pa lamya cinakhalabe 5 monga kale, koma tsopano mwezi unatha ndi phindu.

Cotero amene ali ndi penshoni m'manja, asanalipire wotsatsa aliyense, ayambe walemba pa pepala zimene cinthu cimodzi cidya kuyambira kumene cigulidwa kufikira kwa wogula, awerenge zinthu zingati ziyenera kugulidwa kuti kutsatsa kubwezedwe, ndipo adzifunse ngati katundu wocuruka cotero ali naye, ndi ogula ocuruka cotero alipo.