Mfundo za namwino pa msonkhano wa ku Nachisaka: kusamba m'manja mothirirana

Atapereka ulemu kwa mafumu, namwino akumbutse anthu kuti kolera, yomwe inasautsa dziko lino mu 2022 ndi 2023, imalowa m'thupi kudzera pakamwa, ndipo manja ndiwo amathandiza kuifikitsa pachakudya.

Kenaka aike beseni lamadzi patsogolo, napempha anthu asanu kuti asambemo motsatizana, monga zimakhalira pamaliro nsima ikafika. Afunse gulu kuti womaliza, yemwe kawirikawiri amakhala mwana, wasamba m'madzi otani.

Apa alongosole njira yatsopano. Munthu mmodzi azithirira anzake madzi ndi kapu, beseni lizingolandira madzi akuda. Wosamba anyowetse manja, apake sopo, ndipo atikite zikhatho, kuseri kwa manja, pakati pa zala ndi m'zikhadabo kwa masekondi osachepera 20. Akatsukuluza, manja aume ndi mphepo, chifukwa chitenje chopukutira chingabwezeretse litsiro. Sopo akasowa, phulusa ligwire ntchito.

Atsindike kuti kusamba kotereku n'kofunika pochokera kuchimbudzi, mayi akasintha mwana thewera, asanaphike ndiponso asanadye.

Pomaliza, apemphe mafumu kuti aziyendera mpondagiya pakhomo lililonse. Pansi pake pakakhala pouma tsiku lonse, ndiye kuti banjalo silikusamba m'manja.